Netiweki ikasowa pa foni yanu yokha, musadikire

(Zomwe tinakambirana pa msonkhano wa kalabu yathu)

Anzanga, kuno ku Chowe kusowa kwa netiweki sinkhani. Mapiriwa amatchinga, ndiye tinazolowera kungoti ibwera yokha. Akuba amadalira chizolowezi chomwechi.

Wakuba amakanena kukampani ya foni kuti iye ndi inuyo, ndipo simu yatayika. Akapatsidwa simu yatsopano ya nambala yanu, yanuyo imafa. Mafoni, mauthenga ndi manambala achinsinsi omwe banki imatumiza, zonse zimapita kwa iye.

Chizindikiro choyamba chimabwera simu isanafe. Wina amaimba mwaulemu kuti ndi wakukampani, n'kumafunsa nambala ya chiphaso chanu cha unzika, tsiku lobadwa, mayunitsi omwe munagula komaliza kapena nambala zomwe mumaimbira kawirikawiri. Akusonkhanitsa mayankho oti akanamizire kuti ndiye mwini nambala. Ena amakuuzaninso kuti muzimitse foni kwa maola angapo, ati akukonza netiweki. Cholinga n'chakuti musaone nthawi yomwe simu yafa.

Chachiwiri ndi kufa kwa simuko. Tiyerekeze kuti achimwene anu ali ku Joni atumiza K150,000 ya feteleza, yalowa mufoni Lachisanu. Loweruka m'mawa foni yalemba "No service" kapena "Emergency calls only". Kodi ndi phiri kapena ndi wakuba? Yesani zinthu zitatu.

Yambani n'kufunsa mnzanu wa kampani yomweyo, mutaima pamodzi. Ngati onse mulibe netiweki, vuto ndi la dera. Ngati iye ali nayo, zimitsani foni n'kuyatsanso, kenaka ikani simu yanu mufoni yake. Ikagwira kumeneko, yavuta ndi foni yanu. Ikakanabe, muuzeni abwezeretse simu yake aimbe nambala yanu. Mukamva ikuitana koma foni yanu ili zii, kapena wayankha munthu wachilendo, nambala yapita. Koma ikamveka yozimitsa musati zili bwino, wakubayo amathanso kuzimitsa yake.

Chachitatu mumamva kwa anzanu. Wina akuti, "Aise, ndalama unapempha pa WhatsApp ija ndatumiza," pomwe inu simunapemphe kanthu. WhatsApp yanu nayo imakutulutsani, n'kunena kuti nambalayo yalembetsedwa pa foni ina.

Zikatero, ntchito ndi ya tsiku lomwelo. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu, kaya ndi TNM kaya Airtel, atseke nambalayo pamodzi ndi Mpamba kapena Airtel Money. Ngati nambalayo ndi yolumikizidwa kubanki, auzeninso akubanki. Chenjezani abale asatumize kalikonse. Mukatero tsikirani kwa Mangochi ndi chiphaso chanu, mukatenge simu ina, musinthe PIN, mukanenenso kupolisi.

Pomaliza, simu yokha siimupatsa wakuba PIN yanu. N'chifukwa chake amaifunsa, kapena amayesa chaka chanu chobadwa, chomwe chili pachiphaso pomwepo. Ngati PIN yanu ndi chaka chobadwa, isintheni tisanabalalike pano.