Lembani Zomwe Maso Aona: Mawu pa Ntchito Yokopera Makaundula Akale



Ndapemphedwa kuti ndinenepo za ntchito yokopera makaundula a ubatizo ndi a maukwati, olembedwa pamanja, kuwaika m'nkhokwe ya pakompyuta momwe munthu angafufuze dzina la kholo lake. Ndidzakhazikika pa lamulo limodzi lomwe okopera amaliphwanya mwa chifundo: wokopera alembe zomwe zili papepala, asakonze.

Chiyeso chokonza n'chachikulu, pakuti kalembedwe kathu kadasintha. Mishoni ya Mvera idayamba mu 1889, ya Mua mu 1902, pamene malamulo a kalembedwe a bungwe la Chichewa Board adadza mu 1973. Pakati ponsepo mlembi aliyense ankalemba monga lidamvera khutu lake. Wina ankaika c pomwe ife timaika ch, wina r pomwe timaika l. Ansembe a Chikatolika ankalembanso m'Chilatini.

Tiyerekeze mayi mmodzi. M'buku la ubatizo walembedwa kuti "Maria, filia Petri Cikopa". M'buku la maukwati ndi "Maliya Naphiri". M'kaundula wa mfumu angokhala "make Yohane". Munthu ndi mmodzi, mayina atatu, ndipo palibe mlembi adalakwa.

Wokopera wosadziwa Chilatini adzaona "Petri" nayesa kuti ndi dzina la banja. Pamenepo wabala fuko lomwe silidakhaleko, chifukwa "filia Petri" n'kunena kuti mwana wamkazi wa Petulo. Wokopera wodziwa kwambiri adzalakwa mwina: adzalemba "Maliya Chikopa" paliponse, kuti zioneke bwino. Koma bwanji ngati m'mudzimo mudali a Maliya awiri, onse Anaphiri? Iye wawalumikiza kukhala munthu mmodzi, ndipo wafufuta umboni womwe mdzukulu akadawasiyanitsira. Mwa zolakwa ziwirizi, ine ndimaopa chachiwiri, pakuti choyamba chimaonekera msanga, pamene chachiwiri chimaoneka ngati ntchito yabwino.

Njira yake ndi iyi. Tsamba lililonse liyambe lajambulidwa, ndipo mzere uliwonse wa m'nkhokwe unene buku, tsamba ndi nambala ya cholembedwacho, kuti wokayika abwerere ku chithunzi. Kenaka dzina likhale ndi madanga awiri. M'danga loyamba mukhale "Cikopa", chilembo ndi chilembo, ngakhale mlembi adaphonya. M'danga lachiwiri mukhale "Chikopa", monga tilembera lero. Mdzukulu adzafufuza ndi danga lachiwiri, koma umboni uli m'loyamba. Chiwongo chikhale ndi danga lakelake, chifukwa Naphiri wa kale sadali dzina lachiwiri monga tiliwerengera pa chitupa masiku ano. Ndipo pakati pa ife Achewa, amene mbumba imatsata kuchikazi, dzina la mayi ndi mudzi wake zisasiyidwe konse.

Nanga tidzadziwa bwanji kuti Maria wa ubatizo ndiye Maliya wa ukwati? Yang'anani m'mphepete mwa tsamba. Kuyambira mu 1908 Mpingo wa Katolika udalamula kuti ukwati uzilembedwanso m'buku la ubatizo la munthuyo. Timawu ting'onoting'ono ta m'mphepeteto, tomwe wofulumira amatidumpha poganiza kuti n'zokhwatchakhwatcha, ndito mfundo yomanga mabuku awiriwo. Pomwe palibe mfundo yotere, mizere iwiriyo ikhale yosiyana, ndipo wokopera angolemba m'danga la ndemanga kuti mwina ndi munthu mmodzi.

Masiku nawonso amanyenga. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa. Ambiri adabatizidwa ali aakulu, ataphunzira katekisimu zaka zingapo, ndipo kwa Azibambo Oyera zinkakwana zinayi. Mlembi akaika kuti munthu adali wa zaka ngati 30, nthawi zambiri kudali kuyeza ndi maso. Ngati wobatizidwayo adalembedwa mu 1931, musalembe 1901 m'danga la kubadwa ngati chinthu chodziwika. Lembani zaka 30 zomwezo, danga la kubadwa likhale lopanda kanthu. Mukapeza m'nkhokwe mayi wobereka ali ndi zaka 5, dziwani kuti wina adasokoneza madanga awiriwa.

Pomwe chiswe chidadya kapena inki idafufutika, ikani chizindikiro `[?]` pa chilembo chotayikacho. Tsamba lililonse likoperedwe ndi anthu awiri osaonerana, ndipo pomwe asiyana, wachitatu aone chithunzi.

Inu agogo amene muli pano, danga lachiwiri lija likudikira inu. Wachinyamata wa pakompyuta angathe kuwerenga "make Yohane", koma amene angatiuze kuti adali yani, adakwatiwa kuti, ndi kuti mudzi wake ukutchedwa chiyani lero, ndinu. Okopera akafika kwanu ndi zithunzi za masambawo, muwayalire mphasa.