Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokhazikitsa Kanema wa Kusamba M'manja

A Gogo Chalo ndi mafumu nonse, akuluakulu a zaumoyo m'boma lino, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu ana amene mwakhala kutsogoloku, ndikupereka moni kwa nonse. Ndathokoza pondiitana kuti ndidzakhazikitse kanemayu, ndipo ndathokozanso kuti munanditumizira mawu ake olembedwa kuti ndiwawerenge ndisanabwere.

Tonse tikukumbukira kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022. Anafalikira m'maboma onse a dziko lino, anthu oposa 1,700 anamwalira, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi imeneyo mawu akuti "sambani m'manja" anamveka paliponse, pawailesi, m'tchalitchi, pamsika. Choncho m'bwalo lino mulibe munthu amene sanawamvepo. Ndiye poyamba kuwerenga ndinali ndi funso: kodi kanema wa mphindi zochepa angauze chiyani banja limene likudziwa kale kuti kusamba m'manja n'kwabwino?

Yankho ndinalipeza pamene kanemayu wayambira. Sanayambire kuchipatala. Wayambira pamkeka, nsima itayalidwa, beseni la madzi likuzungulira. Asamba bambo, asamba mayi, asamba ana okulirapo, ndipo womaliza ndi kamwana ka zaka zitatu. Apa mawu a wofotokoza akuti: "Onse asamba. Koma taonani madzi amene wasamba wamng'onoyu." Kenako wofotokozayo akungokhala chete, diso la kamera lili pa madzi odetsedwawo.

Amene munalemba mawuwa munagwira pamene pali vuto lenileni. Mwambo wathu ndi waulemu, wamkulu ayambe. Koma madzi a m'beseni sapita kulikonse. Litsiro lochokera kumunda, kumsika ndi kuchimbudzi limatsalira momwemo, ndipo amene amalandira lonselo ndi mwana amene thupi lake silinakhwime, yemwe matenda otsekula m'mimba amamufooketsa msanga kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Chimene chandisangalatsa n'chakuti mawuwo sakunyoza mwambowo. Akuti: "Bambo ayambe monga mwa nthawi zonse, koma wina awathirire madzi ndi kapu, beseni likhale pansi kulandira madzi akuda." Ulemu ulipobe, mwinanso wawonjezeka, popeza kuthirira munthu wamkulu madzi ndi ulemu waukulu. A Gogo Chalo, apa ndikhulupirira simupeza chodandaula.

Chachiwiri ndi nthawi. Azaumoyo amati manja atikitidwe ndi sopo kwa masekondi osachepera 20. Makanema ambiri amanena chiwerengerochi, koma chithunzi chake amachidula pa masekondi asanu pofuna kuthamangira nkhani ina, ndipo woonera amatengera zimene waona, osati zimene wamva. Mwa uyu chithunzicho sichinadulidwe. Mayi akunyowetsa manja, akupaka sopo, ndipo mawu akuyenda limodzi ndi manja ake: zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, chala chachikulu chilichonse pachokha, nsonga za zala ndi zikhadabo pozikhula pachikhatho. Liwu lililonse likumveka pamene dzanja lafika pamalopo. Izi si zophweka kulemba. Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo chiganizo chimene papepala chikuoneka chachifupi chimadya nthawi pakamwa. Wolemba akadzaza masekondi 20 amenewo ndi ulaliki wa za majeremusi, wofotokoza amathamanga, ndipo amatchula zikhadabo mayi akadali pa zikhatho. Njira yodziwira ngati mwalakwitsa ndi yapafupi: uzani mwana asambe motsatira mawu okha, osaona chithunzi. Akasokonezeka, vuto lili m'mawu.

Pomaliza kutsukuluza ndi madzi oyenda, mawuwo akuti agwedeze manja aume ndi mphepo. Mzere umenewu musadzauchotse. Amayi athu ambiri amasamba bwino, kenaka n'kupukutira pachitenje chomwe aberekera mwana ndi kufinyira mamina kuyambira m'mawa.

Nthawi zosamba zatchulidwa zisanu: pochokera kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndi musanayamwitse kapena kudyetsa mwana. Pa zisanuzi ndikufuna ndiime pa ya thewera, chifukwa ndi imene imaiwalika. Ambiri timakhulupirira kuti chimbudzi cha khanda chilibe vuto, poti limangoyamwa. Si zoona. Chili ndi tizilombo toyambitsa matenda ngati cha munthu wamkulu, ndipo dzanja limene lapukuta mwanayo ndi lomwelo limene pakapita kanthawi likumupatsa phala. Apa ndili ndi pempho kwa okonza kanema. Pa gawo limeneli mawu akuti "amayi". Mukamadzakonzanso, munene kuti "aliyense wolera mwana", chifukwa m'midzi mwathu mayi akapita kumunda, amene amatsala ndi khanda ndi agogo kapena mtsikana wa zaka khumi, ndipo abambonso masiku ano tisamadzipatule.

Wina adzati, zonsezi n'zabwino, nanga sopo? Funso limeneli si lamwano, pakuti tikudziwa mtengo wa sopo, ndipo kachidutswa kamene kalipo amakasungira kuchapa ndi kusamba thupi. Kanemayu sanalizembe. Akuonetsa mpondagiya pafupi ndi chimbudzi: chigubu cha malita 5 chobooledwa ndi msomali wotentha, chopachikidwa pamtengo wopingasa, chingwe n'kutsikira ku kamtengo kopondapo, kotero kuti dzanja lakuda silikhudza chigubu. Pansi pali kadzenje ka miyala kuti pasakhale matope. Sopo wabooledwa ndi kumangidwa pachingwe, chitini chavundikira pamwamba kuti mvula isamusungunule ndiponso mbuzi isamudye. Sopo wa mtanda akasowa, magalamu 30 a sopo wa ufa wochapira, osungunulidwa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, amagwira ntchito yomweyo ndipo amakhalitsa. Zonse zikasowa, tengani phulusa loyera la pamoto, tikitani, tsukuluzani bwino. Phulusa silifika pa sopo, ndipo mawu a kanema anena zimenezi mosabisa, koma limaposa madzi okha.

Alangizi a zaumoyo, inu mukudziwa kuti mipondagiya yambiri imamangidwa pamene kwamveka zoti kukubwera alendo. Mukamayendera mabanja amene aonera kanemayu, musawafunse ngati amasamba m'manja, chifukwa aliyense adzati eya. Yang'anani m'chigubu ngati muli madzi, ndipo yang'anani pansi. Miyala ikakhala youma gwa dzuwa lisanatenthe, ndiye kuti palibe wapondapo lero.

Pempho langa lomaliza likukhudza kumene kanemayu akaonetsedwe. Asathere m'mafoni a ife a m'maofesi. Apite ku sikelo ya ana, kumene amayi amadikira nthawi yaitali, apite kusukulu, ndiponso m'nyumba zoonetsera makanema za pamsika, kumene abambo ndi anyamata amapezeka. Kumene kulibe choonetsera, mawu okhawa amveke pa wailesi za m'madera. Mafumu, tithandizeni kuti pamaliro ndi pazinkhoswe, pamene anthu ambiri amadyera pamodzi, pakhale wothirira madzi ndi sopo m'malo mwa beseni limodzi la mudzi wonse. Ndipo mwana akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti kanemayu wakhazikitsidwa. Tisanalandire chakudya lero, pali achinyamata amene aima ndi ndowa, makapu ndi sopo, ndipo ndipempha a Gogo Chalo kuti atitsogolere.