Kalata ya mgwirizano pakati pa maodita ndi SACCO yatsopano: tiyiwerenge tisanasayine

 Ambiri a inu muli m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ena mukuganiza zokweza gulu lanu kuti likhale SACCO yolembetsedwa. Lero ndikamba za kalata imodzi yokha, imene imafika kwa wapampando chaka choyamba chikamatha. Imachokera ku kampani ya maodita, ndiye kuti akatswiri ofufuza mabuku a ndalama, ndipo kumapeto kwake kuli malo oti atsogoleri asayine. Kawirikawiri imalembedwa m'Chingerezi cholimba, choncho anthu amangoyang'ana pamene pali mtengo, nkusayina.

Ntchito ya ma SACCO kuno ku Malawi inayamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo Mpingo wa Katolika unathandizapo kwambiri poyiyambitsa. Mu 1980 mabungwewa anakhazikitsa mgwirizano wao wa MUSCCO. Kuyambira pamene lamulo la Financial Cooperatives Act linakhazikitsidwa mu 2011, ma SACCO amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi. Choncho SACCO si banki m'khonde imene mumagawana zonse chaka chikatha, aliyense akuona ndi maso. Ndalama zimagonera zaka, mamembala ndi mazana, ndipo mabuku ayenera kufufuzidwa ndi munthu wakunja chaka ndi chaka. Munthuyo asakhale aliyense wodziwa masamu, koma odita wovomerezeka. Musanakambirane naye mtengo, funsani ku bungwe la ICAM kapena ku Malawi Accountants Board ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchitoyi.

Odita salemba kalatayi mwa kufuna kwake. Pali malamulo a ntchito yao amene amatsatidwa m'maiko ambiri, ndipo limodzi mwa iwo, lotchedwa ISA 210, limamuuza kuti asayambe ntchito asanagwirizane ndi eni bungwe polemba. Kalatayo iyenera kunena cholinga cha kafukufuku ndi malire ake, udindo wa odita, udindo wa atsogoleri a bungwe, malamulo a kalembedwe ka mabuku amene atsatidwe, ndi mtundu wa lipoti limene lidzatuluke.

Tiyambe ndi malire. Yang'anani masiku. Bungwe latsopano siliyamba pa 1 Januwale ayi. Ngati munatsegula mu Julayi ndipo chaka chanu chimatha pa 31 Disembala, kalata inene momveka kuti kafukufuku ndi wa kuyambira tsiku lakuti kufika tsiku lakuti. Ndipo ngati SACCO yanu inabadwa kuchokera ku magulu akale, amene analowa ndi ndalama zao pamodzi ndi ngongole zimene mamembala anali asanabweze, odita adzafuna umboni wa zimene munalowa nazo. Makope akale aja, ngakhale ong'ambika, musawataye. Funsani kuti kalata itchule za chuma choyambira chimenechi, chifukwa chiyambi chikakhala chopanda umboni, mawerengero onse otsatira amakayikitsa.

Tsopano ndime imene imabweretsa mikangano yambiri. Kalata idzanena kuti kukonza mabuku ndi kulemba ndondomeko ya chuma cha pachaka ndi udindo wa bodi ndi manijala. Idzanenanso kuti ndi udindo wao kuika njira zotetezera ndalama kuti zisabedwe kapena kulembedwa molakwika. Ena amadabwa, amati, "Nanga tikumulipira chiyani ngati mabuku tilemba tokha?" Ine ndinaphunzira za uphunzitsi, ndipo yankho ndimalitenga m'kalasi. Wochonga mayeso sangalembere mwana mayankho kenaka nkudzichonga yekha. Odita akakulemberani mabuku, ndiye kuti adzafufuza ntchito ya manja ake, ndipo mau ake sadzakhalanso a munthu woima payekha. Ngati mulibe wodziwa kutseka mabuku, pezani wina akuthandizeni odita asanafike. Pa chifukwa chomwecho, odita asakhale membala wokongola m'bungwe lanu, kapena mbale wa manijala kapena wa msungichuma.

Pali chiganizo china chimene ndikufuna kuti muchimvetse bwino. Chimanena kuti odita adzapereka chitsimikizo chokwanira koma osati chathunthu, ndi kuti zolakwa zina zazikulu zikhoza kutsala osaoneka ngakhale ntchito itagwiridwa bwino. Anthu amaganiza kuti apa odita akudzitchinjiriza chabe. Pang'ono ndi zoona, koma tiyeni tione ndi manambala chifukwa chake amalemba choncho.

Tiyerekeze SACCO ya mamembala 400, imene chuma chake chonse ndi K60,000,000. Odita sangawerenge lisiti lililonse la chaka chonse, mtengo wake simungaukwanitse. Amayamba wadziikira muyeso: kulakwitsa kwa ndalama zingati kumene kungasinthe maganizo a munthu wowerenga ndondomeko ya chuma? Tinene kuti wasankha gawo limodzi pa magawo 100 a chuma chonse, ndiye kuti K600,000. Nambala imeneyi kawirikawiri simuipeza m'kalata, amaisankha yekha pokonzekera ntchito. Kenaka amasankha mapasibuku ena, tinene 40 mwa 400 aja, nkuwayerekeza ndi zimene zalembedwa mu leja ya mu ofesi.

Tsopano tiyerekeze kuti kalaliki ali ndi dzanja lalitali. Mayi wina akabweretsa K20,000, kalaliki amalemba K20,000 mu pasibuku ya mayiyo, koma mu leja amalemba K15,000, ndipo K5,000 imalowa m'thumba. Amachita zimenezi kwa mamembala 12 amene amadziwa kuti satapa ndalama zao kawirikawiri, mwezi uliwonse kwa miyezi 6. Mamembala 12 kuchulukitsa ndi K5,000 ndi K60,000 pamwezi, ndipo pa miyezi 6 zikwana K360,000. Ndalama za m'bokosi zidzagwirizana ndi leja bwinobwino, chifukwa zonse ziwiri zachepa mofanana. Kubaku kumaoneka pokhapokha wina ataika pasibuku ndi leja pamodzi. Odita akasankha mapasibuku 40 mwachisawawa, masamu amasonyeza kuti pafupifupi katatu pa maulendo khumi aliwonse sadzakhudza ngakhale imodzi mwa 12 zija. Ndipo K360,000 ili pansi pa muyeso wake wa K600,000, choncho lipoti likhoza kutuluka loyera popanda iye kunama. Koma kwa mayi uja, K30,000 imene yasowa pa dzina lake mu leja ndi ndalama yaikulu ndithu.

Akapeza pasibuku imodzi yosiyana ndi leja, nkhani imasintha. Ayenera kufunsa, kuonjezera mapasibuku ofufuza, ndi kudziwitsa atsogoleri, ngakhale ndalamazo zikhale zochepa. Koma kusaka kuba kotere mwezi ndi mwezi ndi ntchito ya komiti yanu yoyang'anira, imene mamembala amasankha. Iyitanitse mapasibuku mosinthanasinthana mpaka onse aonedwe m'chaka, ndipo wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba mu leja. Ngati mukukayikira kale munthu ndipo mukufuna kafukufuku wa kuba, imeneyo ndi ntchito ina, ya kalata ina ndi mtengo wina.

Mukasayina, mwalonjezanso kutsegula zitseko. Odita aone buku lililonse, maminitsi a misonkhano ya bodi, mapepala a ngongole, ndi china chilichonse chimene angapemphe, ndipo alankhule ndi wantchito aliyense popanda manijala kuimirira pakhomo. Adzapempha chilolezo cholembera ku banki kumene mumasunga ndalama, kuti banki imuyankhe iye mwini, osadzera m'manja mwa msungichuma. Adzafunanso mndandanda wa ngongole za atsogoleri ndi abale ao. Apa ndi pamene nkhope zimagwa. Kwathu kuno timapatsana ulemu, ndipo kufunsa mkulu wa m'mudzi kapena wa mu mpingo kuti ngongole yake ya feteleza yapitirira miyezi ingati kumaoneka ngati mwano. Komabe ndalamazo ndi za anthu 400, ndipo ngongole yochedwa ikalembedwa ngati yabwino, phindu limaoneka lalikulu kuposa mmene liliri, mamembala nkugawana ndalama zimene kulibe. Kumapeto kwa ntchito atsogoleri adzasayinanso kalata ina yotsimikiza kuti apereka zonse ndipo sanabise kanthu. Mlembi awerenge lonjezo limeneli mokweza pamaso pa bodi yonse, aliyense alimve.

Kodi mukabisa chimachitika nchiyani? Kalata imachenjeza kuti lipoti likhoza kutuluka mosiyana ndi mmene mukuyembekezera. Mabuku akakhala bwino, odita amanena kuti akuonetsa chithunzi choona cha chuma cha bungwe. Pakakhala mbali imodzi yolakwika kapena yosowa umboni, amati zonse zili bwino kupatula mbali yakutiyakuti. Zolakwa zikafalikira paliponse, amanena poyera kuti ndondomekoyo si yoona. Ndipo akamanidwa umboni wambiri, amakana kupereka maganizo aliwonse. Lipotili limalembedwa kwa inu mamembala, ngakhale kuti kalata ya mgwirizano imapita kwa bodi. Pa msonkhano waukulu wa pachaka musakhutire ndi mau akuti "maodita anabwera, zonse zinayenda bwino". Pemphani kuti ndime ya maganizo a odita iwerengedwe ndi kumasuliridwa m'Chitumbuka, ndipo mumvetsere ngati muli mau aja akuti "kupatula". Palinso kalata imene odita amalembera bodi yotchula zofooka zimene waona pa kasungidwe ka ndalama. Onani kuti mgwirizano ukuitchula, chifukwa kwa bungwe latsopano ndi imene imaphunzitsa zambiri.

Za mtengo ndinena mwachidule. Maodita adzachokera kutali, mwina ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Funsani ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikizapo mafuta a galimoto, malo ogona, chakudya ndi msonkho. Makalata ambiri amanenanso kuti mabuku akapezeka osakonzeka, masiku oonjezera mudzalipira ndinu. Chaka chikatha mu Disembala, odita amafika nthawi ya mvula, mamembala ali kumunda ndipo misewu ya kumidzi ili matope. Gwirizanani tsiku msanga, ndipo uthenga woti anthu abweretse mapasibuku upite m'midzi pasadakhale.

Kalata ikafika, bodi ikhale pansi pamodzi ndi komiti yoyang'anira, aiwerenge ndime ndi ndime. Pamene sipakumveka, alembe funso atumize kwa odita, ndipo yankho libwere lolembedwa. Kalatayo ikhoza kukonzedwa musanasayine. Ntchito ikayamba nkovuta, chifukwa malamulo aja salola odita kuchepetsa ntchito yake popanda chifukwa chomveka, makamaka ngati cholinga ndi kuthawa lipoti loipa. Sayinani makope awiri, imodzi ipite kwa odita, ina mlembi aisunge pamodzi ndi maminitsi a tsikulo.