Lonjezo Lotsalira Lisakuthawitseni Kutchalitchi

Lero ndikufuna ticheze nkhani ya malonjezo amene tinachita pa ntchito yogula malata a kachisi wathu. Musatseke wailesi ayi, sindinabwere kudzatolera ngongole. Aleluya!

Chandiyankhulitsa ndi ichi. Sabata yatha ndinakumana ndi mayi wina pamsika, mayi woimba bwino mukwaya, amene sindinamuone kwa miyezi iwiri. Nditamufunsa ngati akudwala, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Abusa, ndikuchita manyazi. Ndinalonjeza K60,000, ndangopereka K20,000 yokha." Abale anga, mtima unandiwawa. Malata tidzawagula, koma mpando wa mayi ameneyu ukakhala wopanda munthu, tataya chinthu choposa malata.

Kutsalira pa lonjezo sikunayambe ndi ife. Mukawerenga 2 Akorinto mutu 8 ndi 9, mupeza kuti mpingo wa ku Korinto unavomera kusonkha thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Anayamba ndi moto, koma chaka chinatha asanamalize. Paulo anatani? Sanawatemberere. Anawauza poyera kuti sakuwalamula. Anatumiza Tito ndi abale ena awiri kuti akawathandize kukonzekera nthawi ikadalipo, ndipo anawaphunzitsa kuti Mulungu amayang'ana zimene munthu ali nazo m'manja, osati zimene alibe. M'kalata yoyamba ija, mutu 16, anali atawapatsa kale njira: tsiku loyamba la sabata iliyonse, aliyense azipatula kenakake molingana ndi mmene wapezera. Pang'onopang'ono, osati chimtolo tsiku limodzi.

Ndiye tinakhala pansi ndi mayi uja, tinawerengera limodzi. Pa K60,000 kuchotsa K20,000, yatsala K40,000. Ukaiyang'ana yonse pamodzi, ikuoneka ngati phiri. Koma mayiyu amagulitsa mandasi, ndipo anati K2,000 pa sabata angathe popanda ana kugona ndi njala. K2,000 Lamulungu lililonse, pakatha masabata 20 wamaliza. Miyezi isanu yosakwana n'komwe. Anaseka, amvekere, "Abusa, basi zomwezi?" Ndinati basi zomwezo, mayi.

Tsono inu amene mwatsalira, pali njira zitatu, musankhe nokha.

Yoyamba ndi imeneyo: gawani chotsalacho m'zigawo zing'onozing'ono zimene mungathe. Musalonjezenso zazikulu pofuna kufafaniza manyazi, chifukwa mudzangobwerera pomwe muli.

Yachiwiri: sunthani tsiku. Ambiri tinalonjeza nthawi yokolola, nkhokwe zili zodzaza. Kenaka kunabwera feteleza, fizi ya ana, matenda, maliro. Ngati ndinu mlimi, Januwale ndi Febuluwale si miyezi yoti mudzipanikize. Nenani kuti mudzapereka mukakolola, tilemba choncho. Thumba la chimanga, njerwa kapena mchenga timalandiranso, komiti imawerengera mtengo wake.

Yachitatu: tsitsani lonjezolo. Ngati ntchito inatha kapena bizinesi inagwa, bwerani munene kuti, "Ndinati K60,000, koma ndingathe K30,000." Kumeneko si kunamiza Mulungu. Kumeneko n'kunena zoona, ndipo kumathandiza komiti kudziwa ndalama zenizeni zimene ingadalire isanapite kukagula malata. Ngati simungathe ngakhale pang'ono, nenaninso, tikumasulani ndi pemphero.

Ndikhudzeko za chakhumi, chifukwa ena amasokoneza. Chakhumi chimachokera pa zimene mwapeza. Mwezi umene simunapeze kanthu, palibe chotsalira chimene chikukudikirani m'buku. Ndipo chonde, musakatenge katapila kuti mupereke kutchalitchi. Ine monga m'busa wanu sindikufuna ndalama yokugonetsani m'maso muli gwa.

Lamulungu likubwerali mapemphero akatha, msungichuma adzakhala mu ofesi ndi buku la malonjezo. Mudzalowa mmodzimmodzi. Palibe dzina limene lidzawerengedwe kuguwa, palibe mndandanda umene udzamatidwe pakhoma. Tengani malisiti anu, ndipo ngati munatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, musafufute uthenga wotsimikizira uja. Nafenso ndife anthu, nthawi zina timaiwala kulemba, ndipo mwina mungapeze kuti mwatsala ndi zochepa kuposa mmene mumaganizira.

Inu amene munamaliza kale, Mulungu akudalitseni, koma musamafunse mnzanu kuti wafika pati. Mukaona kuti wina wasowa, kamuyendereni, mukamuuze kuti tamusowa iyeyo, osati envelopu yake.

Mayi uja Lamulungu lapitali anabwera, anaimba kutsogolo. Inunso bwerani, kaya muli ndi kanthu m'manja kaya mulibe.

Tiyeni tipemphere. Atate, mukudziwa nyumba iliyonse imene ikumva mawu anga. Chotsani manyazi, tsegulani njira za chakudya ndi ntchito, ndipo mubweze ana anu pakati pa abale awo. M'dzina la Yesu, Amen.