“Halo, halo, sindikukumvani!” Yambani mwafufuza nokha musanathamangire kwa okonza mafoni

Lero ndikamba za vuto limodzi lokha la foni, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu muli nalo m'thumbamo pompano. Foni ikulira bwinobwino, mwayankha, mawu a amene waimbayo mukuwamva mwee, koma iye akungoti “halo, halo, sindikukumvani”, kenako wadula. Ngati woimbayo anali kasitomala, kapena anthu amene munasiyako kalata yofunsira ntchito, mwayi wapita, chifukwa si onse amene amaimbanso kachiwiri.

Choyamba, tisiyanitse zinthu. Kulira kwa foni kumachokera pa sipika, ndipo mawu a mnzanu amatulukira pa kasipika kakang'ono kapakhutu. Mawu anu amalowera kwina, pa maikolofoni. Ndiye foni ikamalira bwino, sizikutiuza chilichonse za maikolofoni. Zili ngati munthu amene makutu ake ali bwino koma wina wamutseka pakamwa.

Tsopano tulutsani mafoni anu, muyang'ane kumunsi, pafupi ndi polowetsa tchaja. Muona timabowo tambiri tondondozana, timeneto kawirikawiri ndi ta sipika. Koma palinso kabowo kamodzi kakang'ono ngati koboola ndi singano. Mmenemo ndi momwe muli maikolofoni yaikulu, imene imatenga mawu anu foni ikakhala pakhutu. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi maikolofoni yachiwiri, kumtunda kwenikweni kapena kumbuyo pafupi ndi kamera. Mafoni ena otchipa ali ndi imodzi yokha, choncho musadabwe ngati yachiwiriyo simukuipeza.

Yachiwiriyi ntchito yake ndi kumvera phokoso. Mukamayankhula muli pamsika kapena mu minibasi, yapansi imamva mawu anu mwamphamvu chifukwa ili pafupi ndi pakamwa, pomwe yapamwamba imamva kwambiri phokoso la pamalopo. Foni imayerekeza ziwirizi, n'kuchotsa zimene yaziona kuti ndi phokoso. Ndiye taganizani kabowo kapansi katatsekeka ndi fumbi kapena kava. Mawu anu akufika kumeneko ofooka, mwina ofanana ndi amene akufika kumtunda. Foni ikhoza kuwatenga ngati phokoso n'kuwafufuta. Ichi ndiye chifukwa chake nthawi zina palibe chimene chafa m'kati, koma mnzanu akukumvani ngati muli pansi pa chitsime.

Musanamasule chilichonse, yezani katatu. Sizitenga mphindi zisanu.

Kuyeza koyamba n'kodzijambula mawu. Tsegulani pulogalamu yojambulira mawu, imene pa mafoni ambiri imalembedwa kuti Recorder, Sound Recorder kapena Voice Recorder, pomwe pa iPhone ndi Voice Memos. Yankhulani chakumunsi kwa foni kwa masekondi 10 ndi mawu anu a masiku onse, osakuwa, kenako mumvetsere. Kuyeza kwachiwiri, imbirani mnzanu amene ali patali pang'ono, muyankhule foni ili pakhutu, kenako mudine Speaker n'kuyankhulanso, iye akuuzeni pamene wakumvani bwino. Kuyeza kwachitatu, muimbireni yemweyo pa WhatsApp kapena mumutumizire uthenga wa mawu.

Mayankho ake muwawerenge chonchi. Ngati pakhutu sakukumvani koma mukaika pa sipika akukumvani, kaikirani kabowo kapansi kapena kachotsedwe ka phokoso kaja, chifukwa pa mafoni ambiri mukaika pa sipika, foni imasintha mmene ikugwiritsira ntchito mamaikolofoni ake. Ngati kuimba wamba kuli bwino koma pa WhatsApp pokha ndi pamene simukumveka, maikolofoni ndi yamoyo, vuto ndi chilolezo cha pulogalamuyo. Ngati zojambula zanu zikumveka bwino, WhatsApp ili bwino, koma kuimba wamba kokha ndi kumene kukudukaduka, kaikirani netiweki kapena simukhadi. Ngati paliponse pali zii, ndiye mwina chilipodi chimene chawonongeka m'kati, komabe musathamange, pali zina zoti muone kaye.

Yambani ndi kava. Makava ambiri amene timagula pamsika amagulitsidwa poti akulowa basi, koma foni ziwiri zofanana kukula zikhoza kusiyana pomwe pali timabowo. Kava ikhoza kukhala ndi bowo la tchaja pamalo ake, koma kabowo ka maikolofoni n'kukwiririka ndi labala. Ina imakhala yolondola ili yatsopano, n'kutamuka pakapita miyezi mpaka kuyamba kutsetsereka. Onaninso galasi loteteza sikirini ndi zomatamata zokongoletsa kumbuyo, poti nazonso zimatseka kabowo kapamwamba. Vulani kava, muimbenso. Ngati mwayamba kumveka, mwapeza wakuba. Muonenso kagwiridwe kanu: ambiri timachirikiza foni kumunsi ndi chala chaching'ono, ndipo chalacho chimakhala ndendende pakabowo.

Kava ikachoka, unikani kabowoko ndi tochi ya foni ya mnzanu. Fumbi la m'chilimwe, ulusi wa m'thumba ndi thukuta zikasakanikirana zimauma n'kukhala ngati dothi lomata. Thimitsani foni, mutenge mswachi wakale wouma ndi wofewa, mukwechese pang'onopang'ono foni itayang'ana pansi kuti zinyalala zigwe kunja. Apa ndikupempheni ndithu: musalowetsemo singano, pini kapena kachitsulo kotulutsira simukhadi. Kuseri kwa kabowoko kuli kansalu kopyapyala kotchinga fumbi ndi madzi, ndipo mukakaboola zonse zizilowa mosavuta. Kabowo ka simukhadi ndi ka maikolofoni amafanana kwambiri, koma ka simukhadi kamakhala pa kathireyi penipeni kapena pambali pake. Musapemereremonso mwamphamvu ndi pakamwa, chifukwa mpweya wathu uli ndi chinyontho.

Tibwere ku zosintha za m'foni. Pa nthawi yoimba, onani ngati tsaya lanu silinadine Mute. Zimachitika kwambiri ngati sikirini sikuthima mukaika foni pakhutu, makamaka galasi loteteza likatchinga kachipangizo kamene kamazindikira kuti foni yafika pakhutu. Kenako thimitsani Bluetooth, chifukwa foni ikhoza kumatenga mawu kuchokera ku timahedifoni kapena sipika yomwe ili kutali ndi pakamwa panu. Ngati mumagwiritsa ntchito mahedifoni a waya, azuleni muyese popanda. Waya wa maikolofoni yake ukaduka m'kati, inu mumamva bwinobwino koma uko sakumva kanthu.

Za phokoso, tsegulani pulogalamu yoimbira, mudine timadontho titatu kapena kagiya, mulowe mu Settings, mufufuze mawu onga Noise reduction. Dzinali limasiyana malinga ndi foni, ndipo mafoni ena alibe poti n'kusintha. Ngati mwaipeza, ithimitseni muimbenso. Mukayamba kumveka, dziwani kuti mwapeza komwe kuli vuto, koma simunalithetse. Kwatsala kupeza kuti kabowo kotsekeka ndi kati, chifukwa mukaisiya yothimitsa, anthu azimva phokoso lonse la pamene muli.

Ngati vuto lili pa pulogalamu imodzi, njira yake pa mafoni ambiri a Android ndi iyi:

```
Settings > Apps > WhatsApp > Permissions > Microphone
```

Pamenepo musankhe kulola. Kuyambira pa Android 12, palinso batani lolembedwa Microphone access kapena Mic access limene limatsekera mapulogalamu maikolofoni nthawi imodzi. Limapezeka mu Privacy kapena pa timabatani tija timabwera mukakokera sikirini pansi. Mwana akamasewera ndi foni akhoza kulidina osadziwa. Komanso ngati vutoli layamba mutangoika pulogalamu yojambula zokambirana pafoni kapena yosintha mawu, ichotseni muone, poti mapulogalamu otere amalimbirana maikolofoni ndi pulogalamu yoimbira.

Tiyeni tiziike pamodzi ndi chitsanzo. Tiyerekeze mnyamata wa kabaza amene makasitomala ake akudandaula kuti sakumumva. Wadzijambula mawu, akumveka koma otsika kwambiri, ngati ali chipinda china. Waimbira mnzake: pakhutu sakumveka, pa sipika akumveka. Apa wadziwa kale kuti netiweki ndi simukhadi zilibe mlandu, popeza kuimba n'komweko, wangosintha batani. Wavula kava, zasintha pang'ono chabe. Wathimitsa Noise reduction, mnzake akuti “tsopano ndikukumva, koma patalipatali”. Yankho limeneli likuloza kumunsi: mawu akulowa ochepa, ndipo foni imawafufuta. Waunika ndi tochi, wapeza kabowo kadzaza fumbi la mumsewu. Wakwechesa ndi mswachi, wadzijambulanso, mawu akwera. Wayatsanso Noise reduction, waimba, akumveka bwino. Sanalipire kalikonse, ndipo foni sinatsegulidwe.

Nanga ngati zojambula zili bwino koma kuimba wamba kokha ndiye kukuvuta? Imbirani anthu awiri kapena atatu osiyana, chifukwa mwina foni yovuta ndi ya winayo. Sunthani pamalo, muyese kwina. Ngati muli ndi simukhadi ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, imbani ndi iliyonse. Ikavuta imodzi yokha, iikeni mufoni ya mnzanu. Vuto likatsatira simukhadiyo, foni yanu ilibe mlandu, pitani ku kampani ya netiwekiyo.

Pali malire pomwe manja athu ayenera kulekera. Ngati mwavula kava, mwatsuka, mwaona zosintha zonse, mwaithimitsa n'kuiyatsanso, koma zojambula zikungomveka zii kapena kusokosera, ndiye ndi ya okonza. Makamaka ngati inagwa, inanyowa, kapena mwangoisinthitsa kumene polowetsa tchaja. Pa mafoni ambiri, maikolofoni yapansi imakhala pa kabolodi kamodzi ndi polowetsa tchaja, choncho kutentha kwa poika chatsopano kukhoza kuipsereza, kapena wokonza akhoza kubwezeretsa molakwika kalabala kolumikiza maikolofoni ndi kabowo kaja. Zikatero bwererani kwa amene anakonzayo. Ngati foni ikadali pa waranti, musaitsegulitse pamsika, ipititseni komwe munagula pamodzi ndi lisiti. Ndipo musavomere msanga zofufuta zonse za m'foni, chifukwa kufufuta sikuchotsa fumbi ndipo sikudzutsa maikolofoni yakufa, koma zithunzi ndi manambala anu zikhoza kupita.

Mukafika kwa wokonza, musangoti “foni yafa”. Muuzeni zimene mwapeza, monga kuti pakhutu simukumveka, pa sipika mukumveka, ndipo zojambula zikutuluka zotsika. Akamaliza, musachoke musanaimbe pomwepo, pakhutu ndi pa sipika pomwe. Podikira kupeza ndalama yokonzetsera, mahedifoni okhala ndi maikolofoni yabwino akuthandizani kuti musaphonye foni yofunika.

Tsopano khalani awiriawiri. Wina atuluke panja, muimbirane, tiyese katatu kaja pompano. Amene apezeke kuti sakumveka abwere kutsogolo kuno, mswachi ndabwera nawo.