Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Masamu la Sukulu za Sekondale ku Nsanama



Ophunzira, ndaona m'makope mwanu kuti mukapeza nambala ya negetivu pansi pa sikweya ruti, mumalemba kuti yankho palibe. M'matrikisi yankholo lilipo, ndipo limatiuza kuti chinthu chikuzungulira. Ndabwera kudzakuonetsani zimenezi.

Matrikisi imatenga muvi wojambulidwa pa girafu n'kuusandutsa muvi wina. Pamakhala mivi ina yomwe matrikisi siikhotetsa, imangoitalikitsa kapena kuifupikitsa, ndipo nambala yomwe muvi wotere wachulukitsidwa nayo ndiyo aigenivaliyu. Nanga matrikisi ikamakhotetsa muvi uliwonse? Apo nambala wamba zimalephera, ndipo aigenivaliyu imatuluka ya kompulekisi.

Titenge chitsanzo cha pafupi. M'nkhalango ya Liwonde anabwezeramo mikango mu 2018. Nswala zikachuluka, mikango imakhuta n'kuswana. Mikango ikachuluka, nswala zimachepa, kenako njala imachepetsa mikangoyo. Manambala otsatirawa ndi ophunzitsira chabe. Tinene kuti x ndi mmene nswala zapitirira mlingo wake wa masiku onse, y ndi mmene mikango yapitirira wake, ndipo nyengo yotsatira nswala zidzakhala x − y, mikango x + y. Matrikisi yake ndi iyi:

```
A = | 1  -1 |
    | 1   1 |
```

Tiyambire pa (1, 0): nswala zachuluka, mikango ili pa mlingo wake. Kenako tifika pa (1, 1), (0, 2), (−2, 2), mpaka (−4, 0). Taonani, pa masitepe 4 muvi watembenuka kuloza kumbuyo, ndipo watalika kanayi. Pa masitepe 8 ufika pa (16, 0), utazungulira kamodzi kathunthu.

Zonsezi tikanazidziwa tisanayende sitepe ngakhale imodzi. Ikwezhoni yopezera aigenivaliyu λ ya matrikisi imeneyi ndi λ² − 2λ + 2 = 0. Pansi pa sikweya ruti pakubwera 4 − 8 = −4, choncho λ = 1 + i kapena λ = 1 − i. Nthawi zonse matrikisi ya nambala wamba ikabereka aigenivaliyu za kompulekisi, zimabadwa mapasa otere, a + bi ndi a − bi.

Tsopano jambulani 1 + i ngati muvi: sitepe imodzi kumanja, imodzi m'mwamba. Kajambulidwe kameneka anakafalitsa ndi woyeza malo wa ku Norway, Caspar Wessel, mu 1799. Muviwo wapendekeka madigiri 45, ndipo ndiko kukhota kwa pa sitepe iliyonse. 360 kugawa ndi 45 ndi masitepe 8 aja. Utali wake ndi √2, pafupifupi 1.41, ndipo ndiko kutalika kwa pa sitepe iliyonse. Nambala imodzi yanyamula nkhani ziwiri, kukhota ndi kukula.

Ganizirani mbuzi yomangidwa pamtengo. Ikamazungulira chingwe chikukulungika, imayandikira mtengo: utali wa aigenivaliyu ndi wochepera 1, ndipo chisokonezo chimazilala. Ikamazungulira chingwe chikumasuka, imatalikira: utali waposa 1, chisokonezo chikukula. Utali ukakhala 1 ndendende, mbuzi imangobwerera m'mapazi mwake.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuyang'ana a yekha. Wophunzira akapeza 0.8 + 0.8i amati zichepa poti 0.8 safika 1. Ayi. Utali wake ndi √(0.64 + 0.64), pafupifupi 1.13, choncho zikukula. Pa zinthu zoyenda sitepe ndi sitepe, woweruza ndi utali. Mungadziyese motere: pa matrikisi ya mizere iwiri ndi mizati iwiri yokhala ndi aigenivaliyu za kompulekisi, utaliwo ndi sikweya ruti ya ditaminanti. Yathu ija ditaminanti yake ndi 2.

Malire a chitsanzo chathu ndi awiri. Matrikisi zambiri sizoongoka ngati yathuyi, ndiye njira ya muvi imaphwatalala ngati dzira, ngakhale liwiro la kuzungulira ndi la kukula limachokerabe ku aigenivaliyu. Chachiwiri, chithunzichi chimagwira ntchito pafupi ndi mlingo wa masiku onse pokha. Nswala sizingachepe kupitirira ziro, ndipo chilala ndi alenje ozembera sizili m'matrikisi yathu.

Aphunzitsi, pempho langa ndi ili: Lolemba jambulani pa bolodi malo asanu aja, kuyambira (1, 0) mpaka (−4, 0), ana aone okha kukhota musanatchule i. Ophunzira, gawani manambala onse a matrikisi ija ndi 2, muyende masitepe 8 kuchokera pa (16, 0). Amene afike pa (1, 0) wamva zimene ndanena lero.