Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Mphoto za Mpikisano wa Ophunzira Olemba Mapulogalamu a Kompyuta



Funso lachitatu la mpikisanowu linali losunga manambala motsatira kukula kwake, kuti kupeza, kuika ndi kuchotsa nambala kukhale kwachangu. Ambiri mwa inu munathamangira ku mtengo wa AVL, umene Adelson-Velsky ndi Landis anaufotokoza mu 1962. Mtengowo ndi wabwino ndithu, koma umafuna kutembenuza nthambi nthawi iliyonse ukapendekeka, ndipo oweruza andiuza kuti mapulogalamu ambiri anagwera pomwepo. Ndiloleni ndikuonetseni njira ina, yotchedwa sikipi lisiti, imene William Pugh wa ku yunivesite ya Maryland anaifalitsa mu 1990.

Ganizirani mabasi awiri pa msewu umodzi, ina yoima pa siteji iliyonse, ina yodumpha masiteji ambiri. Wopita kutali amayamba ndi yodumphayo, akayandikira n'kusinthira ku inayo. Mu sikipi lisiti, mzere wapansi uli ndi manambala onse, wachiwiri uli ndi pafupifupi theka, wachitatu theka la thekalo, n'kumakwera choncho.

Tiyerekeze kuti pansi pali 3, 7, 12, 19, 25, 31, 44 ndi 50. Mzere wachiwiri uli ndi 7, 19, 31, 44, pomwe wachitatu uli ndi 19 ndi 44 basi. Tikufuna 25. Timayambira pamwamba, kumanzere. 19 ndi wochepa, tipite pamenepo. Wotsatira ndi 44, wapitirira, ndiye titsike mzere umodzi tili pa 19 pomwepo. Apa wotsatira ndi 31, wapitiriranso, titsikenso. Pansi, wotsatira ndi 25. Tamupeza osakhudza 3, 7 ndi 12.

Nanga amasankha ndani manambala okwera pamwamba? Amasankha ndi mayere. Poika 28, timamulowetsa pakati pa 25 ndi 31, kenaka pulogalamu imaponya khobidi. Likagwa mutu, 28 akwera mzere wachiwiri, n'kuponyanso. Likagwa mbali inayo, athera pomwepo. Ngati wafika mzere wachiwiri wokha, timangosintha zolozera za 25 pansi ndi za 19 pamwamba pake, awiri omwe tinawadutsa kale pofufuza malo. Palibe nthambi yoti itembenuzidwe.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi a masamu ali muno sangakhutire ndi khobidi popanda umboni. Pugh anawerengera ulendowo chobwerera, kuchokera pa nambala yopezedwayo kupita pamwamba. Pamalo aliwonse, mwayi woti nambala imene taimapo ikupitirira mzere wapamwamba ndi p, ndipo ikatero timakwera. Apo ayi, timabwerera kumanzere kamodzi n'kuyesanso. Choncho kukwera mzere umodzi kumatenga masitepe 1/p mwa avereji. Ngati p ndi theka, amenewo ndi masitepe awiri. Manambala akakhala 1,048,576, theka la theka limatifikitsa pa nambala imodzi patatha mizere 20. Ndiye kufufuza kumatenga masitepe pafupifupi 40, ndipo malire amene Pugh anapereka, `L(n)/p + 1/(1-p)`, pomwe `L(n)` ndi mizere 20 ija, amapereka 42. Pa mndandanda wamba mukanadutsa pafupifupi theka la miliyoni.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti p akakhala 1/4, mizere imatsika kufika pa 10, uliwonse masitepe anayi, zonse pamodzi 40 yomweyo. Koma zolozera pa nambala iliyonse zimachepa kuchoka pa 2 kufika pa 1.33 mwa avereji. Redis, pulogalamu yosunga deta imene ena mwa inu mudzaigwiritsa ntchito, inasankha 1/4.

Mvetsani bwino mawu oti avereji. Mtengo wa AVL umalonjeza liwiro nthawi zonse, pomwe sikipi lisiti sitero. Khobidi litakana kugwa mutu kwa manambala onse, mwatsala ndi mndandanda wamba. Pa manambala ochuluka mwayi wa tsoka lotero ndi wochepa zedi, ndipo sudalira kuti manambala abwera mu ndondomeko yanji, chifukwa mayerewo amachitika mkati mwa pulogalamu. Choopsa chenicheni ndi cholakwika cha wolemba. Akamayambitsanso makina a mayere ndi mbewu yomweyo poika nambala iliyonse, manambala onse amakwera mofanana. Pulogalamuyo ipereka mayankho olondola, koma mwaulesi, ndipo mayeso a manambala khumi sangaulule kanthu. Ikani manambala 100,000, muwerenge ali pa mzere uliwonse. Ndi p wa theka muyenera kuona pafupifupi 50,000 pa wachiwiri ndi 25,000 pa wachitatu. Mukaona mizere yonse yodzaza mofanana, kapena yapamwamba yopanda kanthu, pitani mukaone pomwe khobidi likuponyedwa.

Wapampando, ndaona kuti opambana ayamba kale kuyang'anitsitsa tebulo la mphoto ili. Aitaneni abwere.